CV ya manijala wamkulu: ntchito zakale ndichotse ziti?

Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndine wa ku Chipata, ndipo ndatha nzeru ndi CV yanga.

Ndagwira ntchito yogula ndi kusunga mbewu kwa zaka 22. Ndinayamba ngati kalaliki wa pa sikelo ku Katete, pano ndine manijala woyang'anira madepoti 6 kuyambira ku Petauke mpaka ku Lundazi. Ndikufunsira udindo waukulu ku Lusaka, koma akufuna masamba awiri okha.

Poyamba ndinalemba ntchito zonse 9, masamba anakwana asanu. Mnzanga wina amene amalemba anthu ntchito anangowerenga tsamba loyamba n'kunena kuti, “Akulu, apa sindikuona kuti mumalamulira anthu angati, kapena ndalama zingati.” Ndiye ndinachotsa ntchito zonse za chaka cha 2012 chisanafike. Koma tsopano ikuoneka ngati zaka 10 ndinangokhala pakhomo, ndipo zikundiwawa chifukwa pa sikelo paja m'pamene ndinaphunzirira kuzindikira chimanga chosauma pongochiluma.

Pamene pandivuta kwambiri ndi pa manambala. Amene amayankha kwa ine mwachindunji ndi mamanijala 6, pansi pawo pali antchito okhazikika 48, koma nyengo yogula chimanga ndi soya aganyu amawonjezeka, tonse n'kufika 200. Ndilembe nambala iti kuti ndisaoneke wokokomeza? Bajeti yoyendetsera madepoti ndi K14 miliyoni pachaka ndipo ndimasainira ndekha, pomwe ndalama zogulira mbewu, zomwe ndi zochuluka kuposa apo, amavomereza ndi akulikulu. Kodi nazonso ndizitchule ngati zanga?

Nanga ntchito zakalezo, ndiziphatikize mu mzere umodzi wopanda zaka, kapena zaka zikhalepo? Amene munakhalapo pa gulu losankha mamanijala, chonde ndithandizeni.