Kodi ana obadwira kunja angacheze bwanji ndi agogo awo pa foni ya vidiyo?

Makolo anzanga, ndikupempha nzeru kwa inu amene mukulera ana kunja kwa Malawi. Ine ndimakhala ku Leeds ndi ana awiri, wazaka 7 ndi wazaka 4, ndipo Lamlungu lililonse timaimbira amayi anga ku Dedza pa WhatsApp. Tikapatsana moni, ana amangoti “tili bwino” n’kuthawa, chifukwa Chichewa chawo n’chochepa pamene agogo awo salankhula Chingerezi. Zimandipweteka mtima kuona amayi akuyang’anitsitsa foni kudikira mdzukulu amene wapita kale kukasewera.

Tinayesapo nthano, koma netiweki ikadula mawu amachedwa kufika, moti “tilitonse” wa ana amamveka amayi atapitirira kale ndi nkhani, ndipo onse amasokonezeka. Chimene chinayendako bwino n’chakuti tsiku lina amayi anatenga foni n’kuwaonetsa nkhuku ndi anapiye ake pakhonde, wamkuluyo n’kumawerenga mpaka zisanu m’Chichewa. Tsiku limenelo anacheza mphindi 15 osatopa.

Kodi pali masewera ena amene salira mawu ambiri kapena bando yambiri? Ndikuganizira za bawo, koma sindikudziwa ngati zingatheke mbali iliyonse itakhala ndi bawo lake n’kumauzana mayendedwe. Nanga asuweni awo, amene amachita manyazi n’kumangoseka, mumawalowetsamo bwanji? Ndiuzeninso nthawi imene mumaimba m’miyezi yozizira kuno, pamene kumudzi amakhala patsogolo ndi maola awiri ndipo tikamaweruka kutchalitchi kumeneko dzuwa limakhala litapendeka.