Chikalata chopita kwa matrasti tichikonze bwanji?

Akuluakulu, ndine mlembi wa kabungwe kena kuno ku Mangochi, ndithandizeni nzeru. Denga la chipinda chophunzirira ana likudontha, ndiye matrasti athu akuyenera kusankha: kumata modontha, kusintha malata mbali imodzi, kapena kufolera denga lonse mvula isanayambe. Mapepala athu amafika masamba asanu ndi limodzi, ndipo ambiri amawawerengera pafoni ali m'minibasi kuchokera ku Monkey Bay kapena ku Namwera. Pamsonkhano funso limakhala lomwelo: "Kodi mukufuna tigamule chiyani?"

Ndikuganiza zopanga tsamba limodzi. Pamwamba penipeni pakhale chigamulo chomwe tikupempha, kenako vuto m'mizere itatu, ndiye tebulo la njira zitatuzo, mtengo wa iliyonse, komwe ndalama zichokere ndi kuipa kwake. Makoteshoni akhale kumbuyo.

Pomwe pandivuta ndi pa mtengo. Koteshoni ya malata imatha mphamvu matrasti asanakumane, ndiye mumalemba tsiku lomwe munaitenga basi, kapena mumapempha chilolezo cha ndalama zosapitirira mlingo wakuti? Nanga njira yomwe ife a muofesi tikuikonda tiitchule? Apampando amati kutero n'kuwasankhira anthu, koma ine ndikuona kuti kubisa kumangotalikitsa msonkhano. Inu mumatani kwanuko?