Uthenga wa mtengo wafika patadutsa tsiku, tigwirizane bwanji?

Chikondi wa ku KK: Akuluakulu ndithandizeni, mutu wanga waima. Tikugula mpunga kuno ku Nkhotakota, anyamata anga ali ku Dwangwa ndi ku Benga, nyumba yosungira katundu ili ku Kanengo, wa malole ali ku Chipata, a zandalama ali ku Nairobi, abwana ali ku Mangalande. Lachiwiri abwana anatumiza uthenga wa mawu wa mphindi 6 pa gulu la WhatsApp, nkhani yoti mtengo tichotse K100 pa kilo inali kumapeto kwenikweni. Mnyamata wa ku Dwangwa foni inkangozungulira osatsitsa. Wagula matumba 80 a makilo 50 pa mtengo wakale, K400,000 yapita. Pano abwana akuti ndilembe dongosolo la kalumikizidwe pofika Lolemba, ndipo iwo akufuna Zoom m'mawa uliwonse. Zoom ku Benga?? Amene munalembapo zoterezi mundiuze munaikamo chiyani.

Bambo Mwale: Gulani Starlink basi. Ilipo m'dziko muno kuyambira 2023, mukuvutikiranji?

Nachisale: Achimwene a Chikondi, Zoom iwalani kaye. Vuto lanu si kusowa kwa msonkhano. Mnyamata uja analibe njira yodziwira kuti mtengo umene ali nawo watha ntchito. Ife timagula nyemba ndi mtedza, ndipo timatumiza uthenga umodzi wokha patsiku, 6 koloko madzulo, wolemba, wokhala ndi nambala komanso nthawi yothera mphamvu. Umaoneka chonchi:

```
No.41 Lachitatu. Mtengo: tsitsani K100/kg.
Malire: matumba 40. Ukutha: Lachinayi 18:00 CAT.
Yankhani: 41 + mtengo watsopano.
```

Nambala ija ndiyo imagwira ntchito. Munthu akalandira 41 pomwe womaliza anali 39, akudziwa yekha kuti wina wasochera panjira, afunse asanatsegule sikelo. Ndipo poyankha asamangoika chala chokweza, alembe nambala ndi mtengo. Munthu amatha kuika chala asanawerenge n'komwe.

Yamikani: Koma si zizindikiro ziwiri zochonga zija zimasonyeza kuti wafika? Zikakhala za buluu ndiye wawerenga, mukufunanso chiyani?

Nachisale: Pa munthu mmodzi n'zoona. Pa gulu, ziwiri zimabwera pokhapokha aliyense atalandira, ndiye mmodzi akakhala kuti foni yazima mumangoona imodzi osadziwa kuti wotsalayo ndani. Dinani uthengawo muone Info, mayina amatuluka. Komabe kufika kwa uthenga wa mawu sikutanthauza kuti wamveka, a Chikondi aona okha. Malemba amalowa ngakhale foni ikulemba E pamwamba, mawu ndi zithunzi zimadikira.

Bambo Mwale: Zonsezi ndi mavuto odzipatsa. Starlink, nkhani yatha.

Chikondi wa ku KK: Bambo Mwale, ku ofesi kuno intaneti ilipo yokwanira. Mnyamata ali pa njinga yamoto ndi sikelo m'midzi, mbale ya Starlink ija aimange kumsana?

Che Jafali: Inu mukukamba za mpunga, ine ndinaziona ndi madzi osefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024. Msewu wa M5 unaduka, magetsi kulibe, mafoni onse anathima tsiku lachiwiri. Tinali ndi masimu a makampani awiri koma batire ikatha onse ndi chimodzimodzi. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa golosale amene anali ndi sola ndi kafoni ka mabatani. Kuyambira pamenepo aliyense wa kumudzi timalemba nambala ya munthu wachiwiri amene amakhala naye pafupi, woti tikamuimbira akhoza kuyenda wapansi kukamuuza. Ku likulu anatiseka poyamba, akuti dongosolo lanji lokhala ndi golosale mkati.

Mayi Gondwe: Kapena foni yadzadza? Mnyamatayo afufute mavidiyo, yanga inkachitanso choncho.

Nachisale: Zimachitikadi mayi, koma apa ndi netiweki. A Chikondi, chinthu chimene ambiri amaiwala kulemba ndi choti munthu achite chiyani akapanda kumva kanthu. Kwathu lamulo ndi lakuti nthawi yothera ikakwana ndipo uthenga watsopano sunafike, sugula. Uimba foni kapena udikira. Mbali yanunso ikhale yolembedwa: yankho likapanda kubwera pofika 7 koloko m'mawa, mutumize SMS, pofika 8 muimbe, zikakanika muimbire munthu wachiwiri uja akunena Che Jafali. SMS ikhale yosapitirira zilembo 160, ndipo musaikemo ŵ kapena tizithunzi, chifukwa zikatero malire amatsika kufika 70, uthenga n'kuduka zidutswa.

Yamikani: Apo pa "sugula" ndiye sindikuvomereza. Nyengo ya mpunga mavenda ali ponseponse. Ukatseka sikelo tsiku limodzi mlimi wapita kwa wina, mawa sabweranso. Ife timati pitiriza pa mtengo wadzulo koma osapitirira matumba 20. Kutaya K100,000 n'kwabwino kusiyana ndi kutaya mudzi wonse.

Nachisale: Zimatengera amene akulipira zotayikazo. Abwana asaine okha kuti akusankha chiti, apo ayi adzazidula pa malipiro a mnyamata.

Aphiri a ku Kanengo: Chenjerani ndi nthawi. Chipata ndi kuno ndi chimodzimodzi, koma Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi. Ku Mangalande ndiye kumasintha: kuyambira kumapeto kwa Malichi amakhala m'mbuyo ndi ola limodzi, Lamulungu lomaliza la Okutobala akabweza mawotchi amakhala m'mbuyo ndi maola awiri mpaka kumapeto kwa Malichi. Ife tinakhalapo pa foni ola lathunthu kudikira munthu amene kwawo nthawi inali isanakwane. Lembani kuti nthawi zonse za m'dongosolo ndi za Malawi, akunjawo aziwerengera okha. China, abwana asamalankhule mwachindunji ndi anyamata pa nkhani ya mtengo. Auze inu pofika 5 koloko, inu mutulutse uthenga wa nambala. Olamula akakhala awiri nambala zija zilibenso ntchito. SMS yochokera kunja musaidalirenso, ina imafika ina ayi, iziyambira m'dziko muno.

Chikondi wa ku KK: Apo pa abwana ndiye pali ntchito, amakonda mawu awo zedi. Nanga msonkhano ndiukane wonse?

Aphiri a ku Kanengo: Ayi, mungachotsedwe ntchito. Apatseni umodzi pa sabata, mawu okha opanda kamera, inu ndi Kanengo ndi Nairobi. Zogwirizana zilembedwe m'mizere isanu n'kuikidwa pa gulu ngati malemba. Musatumize linki ya Drive, anyamata ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, linki siitseguka ndipo sanena, amachita manyazi.

Bambo Mwale: Mu Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja zitaduka, intaneti inavuta kuno, ku Tanzania mpaka ku Mozambique. Nambala zanuzo zikanayenda pati? Ndikunenabe ine.

Che Jafali: Zikanayenda pa SMS, akulu, siidutsa pansi pa nyanja. Koma mbale yanuyo mumalipira zingati pamwezi? Mlamu wanga akuifuna pa malo ake ogona alendo ku Senga Bay.

Bambo Mwale: Ndikutumizirani kumbali. Pamafunika malo opanda mitengo pamwamba, ndi batire yabwino.

Mayi Gondwe: A Chikondi, mpunga wa faya mukugula bwanji kumeneko? Ndikufuna matumba awiri.