Ndithandizeni funso lopeza malonda ofika posapindula komanso posaluza

Anzanga a maphunziro a zamalonda, taonaniko kawerengedwe kanga. Funso likuti ndalama zosasintha, monga lendi ndi malipiro, ndi 60,000 pamwezi. Kupanga chinthu chimodzi kumadya 30, ndipo chimagulitsidwa 50. Ndachotsera 30 pa 50, kwatsala 20, yomwe chinthu chilichonse chikuthandizira kubweza zosasinthazo. Kugawa 60,000 ndi 20 kwandipatsa zinthu 3,000, kapena malonda a 150,000.

Pandivuta ndi gawo lachiwiri, pomwe ogulitsa akulandira komishoni ya 5 peresenti ya mtengo. Ine ndaiika ku ndalama zosintha chifukwa imakwera malonda akachuluka, choncho 20 ija yatsika kufika 17.50, yankho n'kukhala 3,428.57. Kodi ndilembe 3,429, popeza zinthu 3,428 zikusiyabe kaluzi ka 10, kapena aphunzitsi amafuna nambala yosakweza?