Ndimlembere bwanji wa fakitale kuti andimve?

Abale anga a kuno ku Lusaka, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu ka nsapato ku Kamwala ndipo katundu ndimaitanitsa ku fakitale ina ya ku Guangzhou. Vuto langa ndi imelo. Mutu wanga umaganiza m'Chichewa, ndiye ndikamalemba Chingelezi ndimayamba ndi moni wautali, kufunsa za kunyumba, kenako nkhani yeniyeni imabwera kumapeto itavala ulemu wambiri.

Mwezi watha ndinaona zitsanzo zimene ananditumizira, soli yake inali yopyapyala. Mumtima ndinkati sindikuzifuna, koma ndinalemba kuti "Maybe you can look at the sole again". Kwathu munthu akati "mwina muonenso" ndiye kuti wakana. Iwo anaona ngati ndi ganizo chabe, anayankha kuti "Noted", n'kupanga mapeya 600 osasintha kanthu, ine nditalipira kale dipoziti ya 30 peresenti. Makatoni ali m'shopu, makasitomala akapinda nsapato ndi dzanja amangoibweza pa shelefu.

Tsopano ndikufuna kuitanitsanso. Mphwanga akuti ndilembe mosazungulira kuti "Sample not approved. Do not start production", nditchulenso makulidwe a soli m'mamilimita. Kwa ine zikumveka ngati ndikukalipira munthu wamkulu. Inu amene mumachita nawo malonda, kodi mawu otere sawakhumudwitsa? Nanga ulemu mumauika pati, poyamba kapena pomaliza? Komanso akayankha kuti "Noted", mumawafunsa bwanji kuti atsimikize kuti asinthadi?