Njala ya 3 koloko, kodi ndi njala kapena ludzu?

Asisi aku Chibavi: Abale thandizeni, chibwerereni ku Joni thupi langokula, ndikufuna ndichepetse koma ikamakwana 3 koloko masana njala yake eee, ndimapezeka ndagula buledi ndi zakumwa zashuga chonsecho nsima ndadya 12 koloko

Amalume aku Katoto: Asisi kuyambira mmawa mumakhala mutamwa madzi ochuluka bwanji? Ndipo mkodzo ukumaoneka bwanji masanawo?

Asisi aku Chibavi: Tiyi basi mmawa, madzi ndimaopa chifukwa ku fakitale kupita ku toyileti pafupipafupi amakuyang'ana. Mkodzo ndi wodera ngati tiyi wopanda mkaka

Amalume aku Katoto: Ndiye poyambira ndi pamenepo. Madzi akachepa mthupi munthu amafooka, mutu umalemera, mkamwa mumauma, ndiye ena timathamangira chakudya poganiza kuti ndi njala. Ikafika 3 kolokoyo imwani kapu imodzi kapena ziwiri mudikire mphindi 15 mpaka 20. Ikazilala mwina linali ludzu. Mmimba mukamalirabe ndi njala yeniyeni, idyani ndithu koma dzira kapena mtedza pang'ono osati buledi ndi shuga. Mkodzo uzikhala wachikasu chowala, nthawi yonse ya shifiti osati madzulo okha

Achimwene aku Luwinga: Madzi ndi dilu amalume, ine pa famu kuno ku Limpopo ndinatsika 2 kg tsiku limodzi, thukuta lokhalokha mafuta onse kusungunuka

Amalume aku Katoto: Ayi achimwene amenewo si mafuta, lita imodzi ya madzi imalemera 1 kg ndiye munataya malita awiri a thukuta, mukamwa sikelo ibwerera pomwe inali. Kuno si ku Mzuzu kozizira kuja, pa dzuwa limenelo muzimwa kapu imodzi mphindi 20 zilizonse, koma osakhuthula malita atatu nthawi imodzi, mchere umachepa mmagazi mpaka munthu kuchita chizungulire ndi kusanza

Mayi aku Zolozolo: Ine ndili konkuno ku Mzuzu, mwana wanga ali ku Kepitawuni anandiuza madzi otentha a mandimu mmawa amasungunula mimba, zoona?

Amalume aku Katoto: Mayi mandimu ndi okometsa chabe. Madzi sasungunula mafuta, phindu lake ndi loti alibe shuga ndiye akalowa mmalo mwa botolo la zotsekemera lija mwachotsa shuga wambiri. Onani pa botolopo, magalamu 4 a shuga ndi supuni yaing'ono imodzi. Komanso theka la lita mphindi 30 musanadye limathandiza ena kudya pang'ono, osati onse

Mayi aku Zolozolo: Nanga ine ludzu silikutha usiku onse ndikungodzuka kukakodza, thupinso likutsika lokha ndimati ndi mandimuwo

Amalume aku Katoto: Mayi chonde zimenezo musazisangalalire, pitani ku chipatala mawa akakuyezeni shuga

Asisi aku Chibavi: Koma nkhani ya toyileti ija ndiye sindikudziwa ndipanga bwanji, buleki ndi imodzi yokha