Tiyi wochepetsa thupi wa pa TikTok uja, ndigule?

Chisomo: Abale ndithandizeni nzeru. Mtsikana wina wotchuka pa TikTok akutsatsa tiyi, akuti iye anatsika makilo 10 m'masabata awiri. Paketi K45,000. Ukwati wa mng'ono wanga uli mwezi wamawa, diresi ikukana kutseka zipi.

Anaphiri: Gulani asisi. Ine ndinamwako wotere, masiku anayi okha sikelo inatsika makilo awiri. Kungoti usiku ndinkakhalira kuchimbudzi.

Mayi a Tadala: Chisomo, umuuze akujambulire kuseri kwa paketi. Alembapo chiyani?

Chisomo: Poyamba penipeni pali `senna leaf`.

Mayi a Tadala: Ndinadziwa. Tsamba limenelo ndi mankhwala otsegula m'mimba, kuchipatala timapatsa munthu wodzimbidwa. Limagwira ntchito m'matumbo aakulu, pamene chakudya chalowa kale m'thupi kudzera m'matumbo aang'ono. Ndiye makilo anu awiriwo, Anaphiri, anali madzi ndi chimbudzi, mafuta sanakhudzidwe. Anabwerera liti?

Anaphiri: Kikiki, sabata isanathe. Komabe mimba inaphwa ndithu, chilundu chinakhala bwino tsiku la chinkhoswe.

Yamikani: Vuto ndi nsima basi. Siyani nsima, tiyiyo agwira.

Mayi a Tadala: Achimwene, kuchepetsa mitanda kumathandizadi, koma pamenepo wagwira ntchito ndi tiyi kapena mtanda mwasiyawo? Tiyeni tiwerengere za mtsikanayo. Kuti kilo imodzi ya mafuta ichoke, thupi liyenera kuwotcha makalori pafupifupi 7,700 kuposa amene ladya. Makilo 10 ndi 77,000. Mzimayi amawotcha cha m'ma 2,000 patsiku. Ngakhale atasala kudya masiku 14 onsewo, osalawa kanthu, afika 28,000, osakwana ndi makilo anayi omwe. Enawo anapita kuti? Kutsika kwabwino ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pasabata.

Chisomo: Nanga zithunzi zake zija, asanamwe tiyi ndi atamwa? Kusiyana kukuoneka.

Yamikani: Apo ndiyankhe ine wojambula. Choyamba amajambula atakhuta, atawerama, m'chipinda mwamdima. Chachiwiri m'mawa asanadye, atakoka mimba, mwina ndi lamba mkati. Taonaninso ngati chitseko cha kumbuyo kwake sichinapindike, chizindikiro choti chithunzicho anachikonza kuti aoneke wochepa. Komanso akamati pogula mutchule dzina lake kuti akuchotsereni mtengo, dziwani kuti paketi iliyonse iye akudyapo.

Mayi a Tadala: Ine amene amandiopsa kwambiri ndi makapisozi osalemba zimene zili mkati. M'mankhwala ena otere anapezamo `sibutramine`, amene anachotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2010 chifukwa cha sitiroko ndi matenda a mtima. Ukamwa n'kumva mtima ukuthamanga, kukamwa kuuma, tulo osabwera, siya pomwepo. Ndipo amene muli pa mapiritsi olera, kutsegula m'mimba kwambiri kungawalepheretse kugwira ntchito.

Anaphiri: Iii, zimenezo ndiye sanatiuze.

Chisomo: Ndamufunsa ngati tiyiyu analembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Wayankha kuti ndi zachilengedwe, kenako wafufuta funso langa.

Anaphiri: Ine wanga wotsala sinditaya, ndinagula ndi ndalama. Kamodzi kokha, Lachisanu la ukwati.

Chisomo: Alipo akudziwa telala wabwino ku Ndirande? Diresiyi ili ndi nsalu yotsala m'mbali.